Ndalama Zili ku Banki, Koma Sizinakhale Zathu

Pa misonkhano ya pachaka ya mabungwe a alimi amene alandirako thandizo la ndalama, pali mzere umodzi m'lipoti la msungichuma umene umautsa phokoso kuposa mizere ina yonse. Pepala la ku banki likusonyeza kuti ndalama zilimo, zochulukanso ndithu, koma msungichuma wazilemba kumbali ya ngongole, pamodzi ndi zimene bungwe liyenera kulipira kwa ogulitsa mbewu ndi eni magalimoto. Anthu amayang'anana. Wina amaimirira n'kufunsa kuti, "Kodi mphatso inasanduka liti ngongole? Tinakongola kwa yani?" Ndipo msungichumayo akakhala munthu wosatha kufotokoza, amatuluka mu msonkhanowo dzina lake litada, chonsecho sanabe ngakhale ngwee imodzi.

Ine ndili kumbali ya msungichuma ameneyu, ndipo ndikufuna kuti inu amene muli pa maphunziro tsopano, pamodzi ndi inu amene munamaliza kale ndipo lero muli m'makomiti a makalabu ndi mabungwe a kumudzi, mudziwe chifukwa chake. Ndalama zimene zabwera ndi lamulo lakuti zibwezedwe ngati ntchito yakutiyakuti siichitika, si zathu pa tsiku limene zalowa ku banki. Zimakhala zathu pang'onopang'ono, monga momwe ntchitoyo ikuchitikira, ndipo mabuku ayenera kunena zimenezo ngakhale zisakome m'makutu.

Nkhaniyi si yachilendo kwa mlimi. Taganizirani munthu amene ali ndi ng'ombe ziwiri ndi pulawo. Mu Ogasiti mnansi wake wagulitsa soya, ndipo poopa kuti ndalama zingathere m'zinthu zina, wabwera kudzalipiriratu kuti mvula ikadzagwa adzamulimire malima anayi, ndiko kuti hekitala imodzi. Ndalama zili m'thumba la mwini ng'ombe, ndipo palibe amene angamuletse kuziwerenga usiku uliwonse. Koma iye mwini akudziwa kuti sanazigwirire ntchito. Akadzalima lima imodzi, gawo limodzi mwa magawo anayi lidzakhala lake. Ng'ombe imodzi ikafa ndi matenda a nkhupakupa mu Okutobala, mnansi uja adzafika pakhomo kudzatenga zake, ndipo bwalo la mfumu lidzakhala kumbali yake. Kuyambira Ogasiti mpaka tsiku lolima, mwini ng'ombe ali ndi ngongole, ngakhale kuti ngongoleyo akuyembekeza kuibweza ndi thukuta, osati ndi ndalama. Kulandira ndi kupeza ndi zinthu ziwiri, ndipo nkhani yonse yagona pamenepo.

Owerengera ndalama ali ndi malo m'mabuku osungirako zolandira zotere. Ine ndizitchula kuti ndalama zodikira ntchito. Zimalembedwa pa tsamba la chuma ndi ngongole, kumbali ya ngongole, ndipo sizifika pa tsamba la zopeza ndi zowononga mpaka ntchito itachitika. Ntchito ikachitika, gawo loyenerana nayo limachotsedwa pa zodikira n'kulembedwa pa zopeza. Kusamutsa kumeneku ndiko kumasula. Palibe ndalama imene imayenda pa tsiku lomasula. Banki simva kanthu. Chimene chasintha ndi mwini wake.

Tiyerekeze tsono ndi bungwe la alimi limene cholinga chake si kupeza phindu, ndipo chaka chake cha ndalama chimayamba pa 1 Januwale ndi kutha pa 31 Disembala. Manambala amene ndikupereka ndi ongoyerekeza, kuti tione mmene zimayendera. Pa 1 Okutobala bungweli lalandira K180,000 kuchokera kwa wothandiza. Kalata ya pangano ikunena zinthu zitatu. Bungwe liphunzitse alimi 120 ulimi wosunga nthaka, kukumba maenje obzalamo, kuphimbira ndi mapesi ndi kasinthasintha wa mbewu, pa maphunziro a milungu iwiri. Mlimi aliyense amene wamaliza maphunzirowo awerengedwe K1,500. Ndipo zonse zimene zidzakhale zisanagwiriridwe ntchito pofika pa 30 Seputembala chaka chotsatira zibwezedwe. Pa tsiku lolandira, amene amasunga mabuku pa kompyuta adzaona zolembedwazo zikuoneka motere:

```
Dr  Bank               180,000
Cr  Deferred income    180,000
```

Mzere woyamba ukunena kuti banki yakula. Wachiwiri ukunena kuti ngongole ya ntchito yakula ndi muyeso womwewo. Bungwe silinalemere ndi ngwee imodzi, monga momwe mwini ng'ombe sanalemere mu Ogasiti.

Mu Novembala gulu loyamba la alimi 30 lafika. Mvula yayamba msanga, ndipo atatu athawira kwawo sabata yachiwiri kukabzala. Sindingawadzudzule, inenso mvula yoyamba ikagwa mtima umakhala kumunda. Koma pangano likuwerenga omaliza, osati oyamba, choncho omaliza ndi 27. Tikachulukitsa 27 ndi K1,500 tikupeza K40,500, ndipo izi ndizo zokha zimene bungwe lapeza m'chaka choyamba:

```
Dr  Deferred income     40,500
Cr  Grant income        40,500
```

Zodikira ntchito zatsika kuchoka pa K180,000 kufika pa K139,500, zimene zili ndalama za alimi 93 amene sanaphunzitsidwe. Komatu bungwe linagulira chakudya anthu 30, linawalipirira ulendo onse, linagula makasu ndi zingwe zoyezera za onse. Tinene kuti zonsezo zinadya K44,000. Pa tsamba la zopeza ndi zowononga padzaoneka K40,500 mbali ina ndi K44,000 mbali inayo, ndipo ntchito ya maphunziro yaperewera ndi K3,500.

Kuperewera kwakung'ono kumeneku ndiko chinthu cha mtengo wapatali kwambiri m'lipoti lonse, chifukwa kukuuza komiti, nthawi ikadalipo, kuti mlimi aliyense wothawa maphunziro amasiya dzenje limene wothandiza sadzalikwirira. Komiti yanzeru ikaona K3,500 imeneyi imasuntha magulu otsala kuti asagwere m'masabata obzala ndi opalira, n'kuwaika mu Meyi, Juni ndi Julayi, pamene anthu akolola ndipo maenje a nyengo yotsatira ayenera kuyamba kukumbidwa nthaka isanaume gwa. Imathanso kuitana anthu 33 pofuna kuti omaliza akwane 30. Nzeru zonsezi zikuchokera mu mzere umodzi wolembedwa moona.

Onani tsono chimene chikanachitika msungichuma akanamvera phokoso la mu msonkhano n'kulemba K180,000 yonse monga zopeza za chaka choyamba. Lipoti likananena kuti bungwe lapeza K180,000, lawononga K44,000, ndipo latsala ndi K136,000. Anthu akanawomba m'manja. Wina akanati denga la ofesi likudontha, wina akanakumbutsa za njinga yamoto ya mlangizi, wina akanafunsa ngati mamembala a komiti sangalandireko kangachepe kothokoza. Palibe wakuba pakati pawo. Onse akukamba za ndalama zimene lipoti lawauza kuti ndi zotsala. Chaka chachiwiri bungwe lomwelo likanaphunzitsa alimi ochuluka katatu kuposa chaka choyamba, popanda chopeza chilichonse cholembedwa, ndipo lipoti likanasonyeza kuperewera koopsa. Chaka chimene ntchito inali yochepa chikanaoneka chaulemerero, chimene anthu anakhetsa thukuta chikanaoneka chatsoka. Ndipo popeza makomiti amasintha pa zisankho, kawirikawiri otamandidwa akanakhala ena, onyozedwa ena.

Vuto limeneli limatigwera ife a zaulimi kuposa mabungwe ena, chifukwa 31 Disembala imadula nyengo yathu pakati penipeni. Chimanga chili m'mawondo, fataleza wachiwiri sanathiridwe, zokolola zili kutali miyezi inayi kapena isanu. Pafupifupi thandizo lililonse lotsata nyengo ya ulimi limalowa m'chaka china n'kumalizika m'chaka china. Bungwe limene silidziwa kudikiritsa ndalama lidzanama m'malipoti ake chaka ndi chaka, ngakhale anthu ake onse atakhala oona mtima.

Pali kayezedwe kamodzi kamene membala aliyense wa komiti angachite, ngakhale amene sanaphunzire za mabuku. Funsani manambala awiri: zodikira ntchito zatsala zingati, ndipo ku banki kuli zingati za thandizolo. M'chitsanzo chathu zodikira ndi K139,500, pamene ku banki kwatsala K136,000. Kusiyana kwake ndi K3,500 ija, ndipo tikudziwa kumene inapita. Bungwe liyenera kuipeza kwina, kaya pogulitsa ndiwo za m'dimba lake kaya pa zopereka za mamembala, kapena kuipulumutsa pa magulu otsala. Nthawi zina ku banki kumachepa chifukwa chakuti ndalama zagulira zinthu za magulu a m'tsogolo zimene zili m'nyumba yosungiramo katundu, ndipo zikatero mukhoza kupita kukaziwerenga ndi maso. Koma mukadzapeza kuti zodikira ndi K139,500, ku banki kuli K90,000, ndipo m'nyumba yosungiramo katundu mulibe kanthu, dziwani kuti ndalama za wothandiza zagwira ntchito ina.

Kawirikawiri zimapita motere. Mtengo wa fataleza ukukwera, munda wa bungwe ukufunika matumba makumi awiri, ndalama zili phee ku banki ndipo gulu lotsatira la ophunzira lidzabwera mu Meyi. Wina amati tibwereke, tidzabweza tikagulitsa chimanga. Mawu ake amamveka anzeru, ndipo zaka zina zimathekadi. Koma kubweza kumeneko kukudalira mvula, ntchemberezandonda, mtengo wa pa msika ndi tsiku limene wogula adzalipire, zinthu zinayi zimene palibe wa mu komiti angazilamule. Akuluakulu anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Meyi akafika chimanga chisanagulidwe, maphunziro amaimitsidwa, masiku a pangano amapita, ndipo ngongole imene inayenera kubwezedwa ndi ntchito imasanduka yobwezedwa ndi ndalama zimene kulibe. Mzere wa zodikira ntchito suletsa munthu kubwereka, koma umachititsa kuti pamene akukweza dzanja kuvomereza, adziwe kuti akubwereka za mwini. Ndi chifukwa chake ndimalimbikira kuti thandizo lotere likhale ndi akaunti yakeyake ku banki, ngakhale banki imadulako kenakake mwezi ndi mwezi.

Timalize chitsanzo chathu. M'chaka chachiwiri, pofika pa 30 Seputembala, alimi ena 87 amaliza maphunziro. Zomasulidwa ndi K130,500, ndipo onse omaliza akwana 114. Pa zodikira patsala K9,000, ya alimi asanu ndi mmodzi amene sanapezeke. Ndalama imeneyi imatuluka ku banki kubwerera kwa wothandiza, zodikira n'kufika pa ziro. Taonani kuti K9,000 imeneyi sinapondeko pa tsamba la zopeza, choncho pobwerera siioneka monga chotayika. Bungwe silinataye kanthu. Langobweza chimene sichinakhalepo chake. Ngati wothandiza, atamva mmene ntchito yayendera, alemba kalata yakuti zotsalazo zikhale kwa bungwe, pamenepo zimamasulidwa pa tsiku la kalatayo. Ndikuti kalata, osati mawu a pa foni a mlendo amene anadya nafe nsima n'kunena kuti musadandaule. Anthu a m'maofesi amasinthidwa, ndipo amene adzabwere kudzafufuza mabuku adzawerenga pangano.

Kumasula kumafuna umboni wa mtundu umene pangano latchula. M'chitsanzo ichi umboni si malisiti a ufa ndi nyemba, koma kaundula wa ophunzira: dzina, mudzi, nambala ya chitupa, ndi siginecha kapena chidindo cha chala tsiku lililonse la maphunziro. Mlimi wophunzitsidwa bwino amene sanalembedwe m'kaundula ali ngati sanabwere. Mapangano ena amayenda mwa njira ina, n'kunena kuti wothandiza adzavomereza ndalama zimene zagwiritsidwadi ntchito pa zinthu zolembedwa m'bajeti. Pamenepo muyeso womasulira ndi malisiti, ndipo bungwe lathu likanamasula K44,000 m'chaka choyamba, malinga zonse zogulidwazo zili m'bajeti yovomerezeka. Thandizo lofanana kukula, ntchito yofanana, koma nambala yomasula yosiyana, chifukwa chakuti chiganizo chimodzi m'kalata chasiyana. Cholakwa chimene chimachitika kwambiri ndi kugawa thandizo m'miyezi khumi ndi iwiri mofanana, K15,000 mwezi uliwonse, chifukwa chakuti n'kosavuta. Kugawa kotero n'koyenera pokhapokha pamene pangano likugula nthawi, monga kulipira mlangizi kwa chaka chathunthu. Pamene likugula alimi ophunzitsidwa, kalendala ilibe mawu. Mu Febuluwale simunaphunzitsidwe munthu, ndiye mu Febuluwale simumasulidwa kanthu.

Zimenezi si nzeru za msungichuma wanu yekha. Kuno ku Zambia bungwe la ZICA, limene limayang'anira akatswiri owerengera ndalama, limatsata malamulo a padziko lonse a kalembedwe ka malipoti a chuma. Limodzi mwa malamulowo, IAS 20, limanena kuti thandizo lilembedwe monga chopeza m'nyengo zomwezo zimene zowononga zake zikulembedwa. Lina, lolembedwera mabizinesi aang'ono ndi apakati, limene linatuluka mu 2009, limanena mosapita m'mbali kuti thandizo lokhala ndi lamulo la ntchito likhale chopeza pokhapokha lamulolo litakwaniritsidwa, ndipo lolandiridwa nthawiyo isanafike likhale ngongole. Malamulo awiriwa analembedwa poganizira thandizo lochokera ku boma, koma owerengera ndalama a mabungwe ngati athu amabwereka nzeru yake polemba za othandiza ena. Ndipo lamulo la zaulimi, IAS 41, lili ndi chitsanzo chimene chimandikondweretsa chifukwa n'chathu chenicheni. Boma lapereka thandizo kuti munthu alime pamalo ena ake kwa zaka zisanu, ndipo akachoka zaka zisanuzo zisanakwane abweze zonse. Pamenepo palibe chimene chimalembedwa monga chopeza mpaka zaka zisanu zitatha, ngakhale atalima zinayi ndi theka. Koma ngati pangano likulola kuti asungeko gawo molingana ndi nthawi imene wakhalapo, amamasula chaka ndi chaka. Apanso chimene chikulamula ndi mawu a pangano.

Otsutsa ali ndi mfundo zawo, ndipo imodzi ndi yolemera. Amati mzere wa zodikira ntchito ukhoza kukhala nkhokwe yobisiramo. N'zoona. Msungichuma wochenjera, kapena komiti yofuna kuoneka yosauka pamaso pa othandiza ena, ikhoza kutcha ndalama iliyonse kuti ndi yodikira, n'kumamasula pang'onopang'ono monga momwe ikufunira, kuti chaka chilichonse chizioneka chosalala. Kumeneko ndi kunama kofanana ndi kuja kolemba zonse pa tsiku loyamba, kungoti kwayang'ana kwina. Mankhwala ake ndi kusiyanitsa lamulo ndi malire. Munthu akapereka K20,000 n'kunena kuti izi ndi za nkhuku za kalabu ya amayi, osatchula muyeso, tsiku kapena kubweza, waika malire chabe. Ndalamazo ndi za bungwe kuyambira tsiku limenelo, zilembedwe monga zopeza, kenako zisungidwe padera m'thumba la nkhuku kuti zisagulire matayala. Kuzigwiritsa ntchito ina ndi kuswa chikhulupiriro, koma si ngongole. Lamulo lenileni limadziwika ndi zinthu ziwiri zopezeka pamodzi m'kalata: chinthu choyezeka chimene bungwe liyenera kuchita, ndi ufulu wa wothandiza wotenganso ndalama zake chinthucho chikalephereka. Choncho msungichuma akati izi ndi zodikira, mufunseni mwaulemu kuti awerenge pamaso pa onse chiganizo cha m'pangano chimene chikunena za kubweza. Ngati chilipo, mumuthokoze. Ngati palibe, ndalamazo zilibe chifukwa chokhalira kumbali ya ngongole. Ndipo zodikira zimene zakhala osasuntha zaka ziwiri kapena zitatu, pangano lake litatha kalekale, ndi chizindikiro chakuti mwina ntchito inachitika koma palibe anamasula, mwina sinachitike ndipo pali wina amene akuyenera kubwezeredwa.

Mfundo ina imene ndimaimva ndi yakuti othandiza sabwera kudzatenga ndalama zawo, ndiye n'kuvutikiranji. Ena sabweradi. Koma sasowa kubwera ndi galimoto kuti atenge. Amangodula pa gawo lotsatira la thandizo, kapena amangokhala chete pempho lanu lina likafika. Ndiponso komiti imene ikulemba mabuku ake podalira kuti mwini pangano adzaiwala pangano lake, ikumanga nkhokwe pa chulu cha chiswe. Pali enanso amene amadandaula kuti ngongole yaikulu pa tsamba imachititsa bungwe kuoneka lodwala. Kwa munthu wodziwa kuwerenga malipoti sizili choncho. Iye akaona zodikira ntchito K139,500 ndi ndalama yofanana nayo ku banki, amaona bungwe limene lili ndi ntchito yolipiridwa kale ya chaka chamawa. Chimene chimamuopsa ndi zodikira zopanda ndalama kumbuyo kwake.

Nanga kalabu ya kumudzi imene ilibe kompyuta, imene mabuku ake onse ndi kope limodzi la sukulu lolembamo zolowa ndi zotuluka? Sindikunena kuti mlembi wa kalabu asanduke katswiri. Kope la zolowa ndi zotuluka lipitirire monga kale. Koma kumapeto kwake patulani tsamba limodzi la thandizo lililonse, ndipo pamwamba pake kopererani mawu enieni a pangano onena za muyeso, tsiku lomaliza ndi kubweza. Pansi pake jambulani mizere yotsika isanu: tsiku, ntchito imene yachitika, umboni wake, ndalama zomasulidwa, ndi zimene zikudikirabe. Mzere uliwonse usainidwe ndi anthu awiri, amene anaona ntchito ndi amene amasunga ndalama, asakhale munthu mmodzi. Pa msonkhano, msungichuma asanene nambala ya ku banki payokha. Anene kuti ku banki kuli zakuti, mwa izo zakuti ndi zodikira ntchito, zathu zenizeni ndi zakuti. Nambala yachitatuyo ndiyo yokha imene msonkhano uli ndi ufulu woikambirana pofuna kukonza denga.

Patsala mtundu umodzi wa thandizo umene umasokoneza ngakhale ozolowera, ndiwo thandizo logulira chida chokhalitsa. Tinene kuti bungwe lomwe lija lapatsidwanso K60,000 kuti ligule pampu yoyendera dzuwa ya m'dimba lophunzitsira, ndipo pampuyo yagulidwa ndi kuikidwa mu Januwale. Ndalama yonse yachoka ku banki tsiku limodzi, koma pampu idzatumikira zaka zisanu, ndipo mabuku amalemba kutha kwake pang'onopang'ono, K12,000 chaka chilichonse monga chowononga. Njira imodzi imene IAS 20 imalola ndi yoti thandizolo likhale pa zodikira, n'kumamasulidwa K12,000 pa chaka, kuti chopeza ndi kutha kwa pampu ziziyenda limodzi ngati ng'ombe ziwiri m'goli limodzi. Njira ya lamulo la 2009 lija imafunsa funso lina: kodi lamulo la pangano linali chiyani? Ngati linali kugula ndi kuika pampu basi, lakwaniritsidwa mu Januwale, ndipo K60,000 yonse ndi chopeza cha chaka chimenecho. Akatswiri amasiyana pa nkhaniyi, ndipo bungwe liyenera kusankha njira imodzi mothandizidwa ndi wofufuza mabuku ake, kuilemba m'lipoti, ndi kuitsata chaka ndi chaka.

Kwa bungwe la alimi, kumene lipoti limawerengedwa mokweza pansi pa mtengo, ine ndimakonda njira yoyamba pamene malamulo amene bungwe likutsata akuilola, chifukwa siionetsa zotsala za K48,000 zimene palibe angazigwire m'manja. Koma ili ndi msampha wake. Kumapeto kwa chaka choyamba cha pampu, pa zodikira padzakhala K48,000, ndipo membala amene waphunzira kayezedwe kaja ka manambala awiri adzapita kukaifuna ku banki, osaipeza. Kulibe, ndipo sikuyenera kukhala. Ili m'dimba, ikutunga madzi. Ngati pangano silinena za kubweza pampu itaikidwa, K48,000 imeneyi si ngongole yoti wina adzabwere kudzaitenga, koma gawo la mphatso limene likudikira zaka zake. Choncho zodikira za chida ndi zodikira za ntchito zisaphatikizidwe mu mzere umodzi. Za maphunziro ziyezedwe ndi pepala la ku banki. Za pampu ziyezedwe ndi mtengo wa pampu umene watsala m'mabuku, K48,000 mbali iyi ndi K48,000 mbali inayo, ndipo wina wa mu komiti atsikire ku dimba kukaona ngati pampuyo ilipo ndipo ikutunga.